Lipoti la nkhani: Mphunzitsi amene ankagona pabedi maola 9 koma tulo n'kupeza maola 5

Mayi amene ndikufotokoza nkhani yawo pano ndiwatcha a Nambewe, ngakhale si dzina lawo, ndipo zina zowazindikiritsa ndazisintha. Ali ndi zaka 44, ndi mphunzitsi wa Sitandade 6, ali pabanja ndipo ali ndi ana atatu. Anabwera ku kiliniki yathu ya za maganizo chakumapeto kwa Meyi atatumizidwa ndi anzathu a kumalo olandirira odwala osagonekedwa, kumene anali atapitako kanayi ndi dandaulo limodzimodzi. Mawu awo oyamba anali akuti, "Adokotala, tulo tinandithawa. Ndatha zaka zitatu ndisakudziwa kugona."

Ndalemba nkhaniyi chifukwa njira ziwiri zimene tinagwiritsa ntchito, yochepetsa nthawi ya pabedi ndi yobwezera bedi ntchito yake ya tulo, n'zosavuta kuzifotokoza koma n'zosavuta kuzilakwitsa pa masabata oyamba. A Nambewe analakwitsa zina, inenso ndinalakwitsa china chachikulu, ndipo pa sabata yoyamba komanso yachinayi zinkaoneka ngati thandizolo lakanika pamene linali lisanayesedwe bwino.

Mmene vutoli linayambira

Zaka zitatu zapitazo amuna awo anagonekedwa m'chipatala kwa milungu isanu ndi umodzi, ndipo iwo ndiwo anali gadiyani. Ankagona pansi pambali pa bedi la wodwala, khutu lili tcheru, kudzuka kulikonse bamboyo akabuula. Bamboyo anachira n'kubwerera kuntchito, koma tulo ta mayiyo sitinabwerere. Poona kuti m'mawa akudzuka otopa, anayamba kulowa kuchipinda msanga, cha m'ma 8:30 usiku, kuti mwina apezeko pang'ono. Loweruka ndi Lamlungu ankakhalitsa pabedi. Akaweruka kusukulu ankadzigoneka pasofa kwa ola limodzi, nthawi zambiri osagona n'komwe. Mabuku a ana ankachongera pabedi, foni pabedi, Baibulo pabedi, ndipo za fizi ndi ngongole ya banki ya m'mudzi ankaziwerengeranso pomwepo magetsi atazimitsidwa.

Anandiuza chinthu china chimene aliyense wothandiza anthu osowa tulo ayenera kuchitchera khutu. Akakhala pasofa kuonera nkhani za madzulo amasinza mpaka mutu kugwa, koma akangonyamuka n'kulowa m'masikito, maso amati gwa, mtima n'kuyamba kuthamanga. Atapita kumsonkhano wa aphunzitsi n'kugona malo achilendo, anagona bwino kuposa kwawo. Munthu wotere tulo ali nato. Chimene chachitika n'chakuti thupi lake laphunzira kuti bedi lakwawo ndi malo okhalapo maso, oderapo nkhawa ndi olimbanapo ndi tulo.

Arthur Spielman, katswiri wa ku New York, anafotokoza kusowa tulo kosatherapo m'magawo atatu: chibadwa chimene chimachititsa munthu kukhala wa tulo topepuka, chochitika chimene chimayambitsa vutolo, ndi zizolowezi zimene zimalisunga chochitikacho chitapita kale. Kwa a Nambewe choyambitsa chinali matenda a amuna awo, ndipo chinatha kalekale. Chotsala chinali gawo lachitatu, ndipo n'zimene iwo ankachita pofuna kudzithandiza.

Zimene ndinafufuza ndisanayambe

Kuchepetsa nthawi ya pabedi kumamusiya munthu ndi tulo tambiri masana kwa sabata imodzi kapena ziwiri, choncho si thandizo longopatsa aliyense. Ndinafunsa za khunyu, chifukwa kusagona mokwanira kumatha kudzutsa kukomoka. Ndinafunsa ngati anakhalapo ndi nyengo yosangalala mopyola muyeso, kulankhula kosalekeza, kumwaza ndalama ndi kusafuna tulo kwa masiku angapo, chifukwa kwa munthu wa matenda osinthasintha maganizo amenewo kumuchepetsera tulo kungawayambitsenso. Zonsezi anakana. Anati amuna awo sanawamvepo akuchita nkonono ndipo sanawaonepo akubanika kutulo. Sayendetsa galimoto, kusukulu amapita pansi. Kuthamanga kwa magazi kunali bwino, shuga analibe, sankadzuka kawirikawiri kukataya madzi, miyendo sinkawanyerenyesa madzulo, ndipo kutentha thupi kwa usiku kumene amayi amamva akamayandikira kusiya kusamba kunali kusanayambe. Mafunso a matenda okhumudwa anaonetsa kutopa ndi kukwiya msanga, koma chidwi pa ntchito, pa ana ndi pa kwaya ya amayi chinalipo.

Kuno kwathu ndimafunsanso za ma ARV. Efavirenzi amadziwika ndi maloto oopsa ndi tulo tosokonekera, ndipo dolutegiravira, amene ambiri akumwa kuyambira 2019, amasowetsa tulo anthu ena makamaka akamamwa madzulo. Nthawi zina kungosamutsira piritsilo m'mawa, mogwirizana ndi a kukiliniki yake, kumathetsa nkhani yonse. A Nambewe sali pa mankhwalawa. Chimene ankamwa ndi piritoni, piritsi limodzi usiku uliwonse, kwa chaka chathunthu, ndipo iwo eni anati sakuwathandizanso.

Pa mafunso asanu ndi awiri oyezera kukula kwa kusowa tulo, amene anakonza Charles Morin ndipo malikisi ake amalekezera pa 28, anapeza 21. Vutoli linali la usiku woposa utatu pa sabata, kwa nthawi yoposa miyezi itatu, ndipo linkawasokoneza masana. Kumeneko ndiye kusowa tulo kosatherapo.

Kabuku ka tulo

Tsiku loyamba sindinasinthe kanthu. Ndinawapempha kuti agule kope la masamba ochepa n'kulemba m'mawa uliwonse kwa masabata awiri: nthawi imene analowa pabedi, nthawi imene akuganiza kuti inapita asanagone, kangati anadzidzimuka ndi kwa nthawi yaitali bwanji, nthawi imene anadzukiratu, ndi nthawi imene anatsika pabedi. Ndinawauza kuti azingoyerekeza m'mawa, asamayang'ane wotchi usiku.

Sanakondwe. Anati abwera kudzafuna thandizo, osati homuweki. Koma apa ndi pamene ambiri timaphonya poyamba: kuika nthawi yogona potengera zimene wodwala wanena pakamwa. A Nambewe ankalumbira kuti amagona maola awiri kapena atatu basi. Munthu wosowa tulo amakumbukira usiku woipitsitsa, ndipo tulo topepuka amatiwerengera ngati kukhala maso. Ndikanakhulupirira zimenezo ndikanawapanikiza kuposa mmene zinafunikira.

Kabukuko kanaonetsa zina. Tikaphatikiza masiku 14 n'kugawa, ankakhala pabedi maola 9, amene ndi mphindi 540, ndipo tulo ankapeza maola 5 ndi mphindi 15, zimene ndi mphindi 315. Usiku wina ankagona maola atatu, wotsatira asanu ndi awiri. Timatenga mphindi za tulo, kugawa ndi mphindi za pabedi, kuchulukitsa ndi 100. Kwa iwo zinatuluka 58 peresenti. Wogona bwino amakhala pa 85 kupita m'mwamba. Ndinawalembera pa pepala kuti usiku uliwonse amakhala maso pabedi pafupifupi maola anayi, ndipo pa zaka zitatu thupi lawo lakhala likuphunzira phunziro limeneli tsiku ndi tsiku. Monga mphunzitsi, anamva msanga.

Dongosolo limene tinagwirizana

Njira yoyamba, imene Spielman ndi anzake anaifalitsa mu 1987, ndi yochepetsa nthawi ya pabedi kuti ifanane ndi tulo timene munthu akupezadi. Ndimaifotokoza ndi njala. Mwana amene watola mbatata uku, nzimbe uko, tsiku lonse, nsima ikafika amangoitosatosa. Tulo natonso tili ndi njala yake, imene imakula ndi ola lililonse limene munthu wakhala maso, ndipo kusinza masana ndi kugwiragwira tulo m'mawa kumaipha. Cholinga si kumumana munthu tulo, koma kusonkhanitsa timene ali nato kale kuti tikhale mtolo umodzi m'malo momwazikana pa maola asanu ndi anayi.

Tinayamba ndi nthawi yodzuka, chifukwa ndiyo msomali umene zonse zimakolekedwapo. Anasankha 5:00 m'mawa, nthawi imene ankafunika kale kuyatsa mbaula ndi kukonzekeretsa ana. Ndinawapatsa maola 5 ndi theka, choncho nthawi yolowa pabedi inakhala 11:30 usiku. Ngakhale kabuku kakanaonetsa maola atatu, sindikanatsika kupyola maola 5. Lamulo losinthira linali ili: pakutha pa sabata, tikapeza 90 peresenti kapena kuposa, tiwonjezera mphindi 15 polowa msanga, pakati pa 85 ndi 89 tisiya momwemo, pansi pa 85 tichotsa mphindi 15. Nthawi yodzuka sikhudzidwa.

Njira yachiwiri ndi ya Richard Bootzin, ya mu 1972, yobwezera bedi ntchito yake. Munthu alowe pabedi pokhapokha tulo tamugwira, osati chifukwa watopa kapena nthawi yakwana. Bedi likhale la tulo ndi za m'banja basi. Akaona kuti papita ngati kota ya ola ali maso, atsike, akakhale kwina, abwerere tulo tikamugwiranso, ndipo achite zimenezi kangati konse kangafunike. Adzuke nthawi imodzimodzi tsiku lililonse ngakhale agone pang'ono chotani, ndipo masana asagone. Tikaphatikiza njira ziwirizi, 11:30 inali nthawi yoyambirira imene analoledwa kulowa pabedi, osati nthawi yowakakamiza kugona.

Piritoni ndinati apitirize monga mwa masiku onse. Anthu ambiri akamva kuti ayamba thandizo lopanda mankhwala amataya mapiritsi tsiku lomwelo, kusowa tulo n'kubwerera mwamphamvu, iwo n'kuda njira yatsopanoyo. Kwa amene wamwa mankhwala ogonetsa a dayazepamu tsiku lililonse kwa miyezi, kusiya mwadzidzidzi n'koopsa ndithu, kungabweretse kunjenjemera ngakhale kukomoka, ndipo amayenera kutsitsidwa pang'onopang'ono moyang'aniridwa. Tiyi wa pa chakudya cha madzulo yekha ndi amene tinamusamutsira m'mawa.

Sabata yoyamba: 75 peresenti

Anabwera maso ali psuu, atakwiya. "Adokotala, izi zandiwonjezera matenda." Tulo tinatsika kufika mphindi 270 pa usiku, ndipo nthawi ya pabedi inali mphindi 360 m'malo mwa 330. Potsata lamulo ndikanayenera kuchotsa mphindi 15. Sindinachotse, chifukwa nditawafunsa usiku ndi usiku zinaoneka kuti dongosololo linali lisanatsatidwe, ndipo kupanikiza munthu pa dongosolo limene sanaliyese n'kumulanga pachabe.

Choyamba chinali sofa. M'nyumba mwawo pofika 9 koloko aliyense amakhala atagona. Iwo ankatsala okha pabalaza, atafunda chitenje ndi bulangete chifukwa cha chisanu cha Juni, ndipo magetsi akazima ankakhala mumdima. Ankadzidzimuka cha m'ma 10:30 khosi likuwawa. M'kabuku sanalembe, poti kwa iwo kumeneko sikunali kugona koma kungosinza. Koma mphindi 30 kapena 40 za kusinza pa nthawi imeneyo zimadya njala ya tulo imene yasonkhanitsidwa tsiku lonse, ndipo pofika 11:30 munthu amalowa pabedi ali wokhuta. Cholakwa ichi ndimachipeza pafupifupi mwa aliyense, ndipo chizindikiro chake ndi munthu amene akuti akutsatira zonse koma akutengabe ola kuti agone. Sikokwanira kumuuza munthu kuti asagone isanakwane nthawi. Maola awiri ndi theka amenewo tiyenera kuwadzaza naye limodzi. Tinagwirizana kuti mabuku a ana azichonga nthawi imeneyo, atakhala pa mpando wa patebulo osati pasofa, kenako kusita ngati magetsi alipo, kusankha nyemba za mawa, ndi kuwerenga Baibulo ndi kupemphera chokhala. Akamva mutu ukulemera 11:30 isanakwane, aimirire ayendeyende. Anagula nyali yotchaja kuti mdima usawagonjetse.

Chachiwiri chinali Loweruka ndi Lamlungu, pamene anatsika pabedi 6:45. Anati Lachisanu anagona maola atatu okha ndiye anafuna kubweza ngongole. Ndinawaonetsa m'kabuku mwawo momwe kuti usiku wa Lamlungu ndiwo unali woipa kuposa onse. Usiku woipa ukalipiridwa m'mawa, mtengo wake umagwera usiku wotsatira. Ukasiyidwa osalipira, umasanduka njala imene imagonetsa munthu mawa lake.

Chachitatu chinali kota ya ola ija. Anaika foni pansi pa pilo n'kumayang'ana kuti aone ngati mphindi 15 zakwana. Kuyang'ana kulikonse kunkabwera ndi masamu: kwatsala maola atatu, kwatsala awiri, mawa ndikaphunzitsa bwanji. Pamenepa vuto linali mafotokozedwe anga, chifukwa ndinatchula nambala osatsindika kuti si yoyeza ndi wotchi. Ndinawauza kuti foni izigona pabalaza alamu itatcheredwa, ndipo chizindikiro chotsikira pabedi chikhale m'thupi: akayamba kutembenukatembenuka, kukwiya, kapena maganizo akayamba kuthamanga.

Ndipo kunena zoona, usiku wambiri sanatsike n'komwe. Kunja kwa bulangete kunkazizira, kunja kwa masikito kunali udzudzu, komanso ankaopa kudzutsa amuna awo. Malangizo a Bootzin akuti pita chipinda china amanenedwa mosavuta, koma m'nyumba zathu amafunika kukonzekera kusanade. Tinagwirizana kuti madzulo aziikiratu juzi, masokosi ndi chitenje chachikulu pa mpando wa pabalaza, kuti miyendo ndi manja zikhale zophimbidwa, pamodzi ndi nyali yosawala kwambiri ndi buku la nyimbo loti aziwerenga chamumtima. Pa nthawi yapakati pa usikuyi ntchito za m'nyumba ayi, foni ayi, chifukwa amayi ambiri akatsika pabedi amayamba kuchapa kapena kukolopa, thupi n'kuganiza kuti kwacha. Kwa odwala ena okhala m'chipinda chimodzi ndi ana, mpando kapena mphasa yoyala pakona imakwana. Chofunika n'chakuti asakhale pogona pomwepo.

Abambo akunyumba

Pa ulendo womwewu anaululanso kuti kunyumba kwavuta. Amuna awo ankaona mkazi wawo akubwera kuchipinda pakati pa usiku, kenako n'kutulukanso, ndipo anafunsa ngati pali chimene alakwa. Ndinawapempha kuti abwere nawo. Ndinati, "Bambo, mayiwa sakukuthawani. Ndine ndawauza kuti azichedwa, ndipo n'za masabata ochepa." Ndinawafotokozeranso kuti za m'banja siziletsedwa, ndipo mayi angathe kubwera kuchipinda msanga pa chifukwa chimenecho, kenako n'kubwerera pabalaza ngati nthawi isanakwane. Bamboyo anamasuka, ndipo anadzipereka kuti azikhala nawo pabalaza mpaka 10 koloko ndi kuonetsetsa kuti Loweruka atsika pabedi 5:00. Chiyambire nkhaniyi sindiyambitsanso munthu wapabanja thandizoli ndisanafunse amene amagona naye.

Ndinawachenjezanso onse awiri kuti sabata ikubwerayo mayi adzakhala ndi tulo masana kuposa kale, ndipo zimenezo n'zoyembekezereka. Ndinati ngati tulo tawapanikiza mpaka kuopa kugwera pamoto, angathe kutsamira mphindi 20 nthawi ya nkhomaliro, alamu itatcheredwa, koma osati madzulo.

Sabata yachiwiri ndi yachitatu

Sabata yachiwiri anasunga maola ake ndendende: mphindi 330 pabedi, tulo mphindi 290, zimene ndi 88 peresenti. Masiku awiri oyamba anatsika pabedi katatu pa usiku, pofika Lachisanu kamodzi. Anati m'kalasi ankayasamula mpaka ana kuseka. Taonani kuti tulo tinali tochepabe kuposa mphindi 315 zimene anabwera nazo. Wodwala akayang'ana maola okha amaona ngati akubwerera m'mbuyo, n'chifukwa chake ndimamuonetsa nambala ina: nthawi yokhala maso pabedi inatsika kuchoka pa mphindi 225 kufika pa 40. Tinasiya nthawi momwemo.

Sabata yachitatu anagona mphindi 305 pa 330, kapena kuti 92 peresenti. Anati akangoika mutu pa pilo sadziwanso kanthu mpaka alamu.

Cholakwa changa

Lamulo linkati ndiwonjezere mphindi 15. Koma a Nambewe anandichonderera. Mayeso a kumapeto kwa teremu anali pafupi, anali otopa, ndipo anati tsopano akugona bwino, bwanji azilowa 10:30. Ndinawamvera chisoni ndipo ndinavomera ola lathunthu.

Sabata yachinayi anakhala pabedi mphindi 390 n'kugona 315, zimene ndi 81 peresenti. Pa ola lonse limene ndinawapatsa, tulo tinangowonjezeka ndi mphindi 10, ndipo mphindi 50 zotsalazo zinasanduka kukhala maso. Choipa kwambiri chinali mantha. Atangokhala maso usiku uwiri wotsatizana anaganiza kuti matenda abwerera, ndipo usiku wachitatu mtima unayambanso kuthamanga polowa m'masikito. Tulo tabwino ta sabata yachitatu tinkadalira njala yaikulu ya tulo. Thupi linali lisanaiwale phunziro la zaka zitatu, ndipo ine ndinachotsa njalayo msanga.

Ndinawauza mosabisa kuti kulakwa kunali kwanga, osati kwa thupi lawo. Izi zinali zofunika, chifukwa munthu wosowa tulo amafulumira kukhulupirira kuti iye ndi wosachiritsika. Tinabwerera pa 11:15, pamene tikanayenera kukhala.

Kuchokera pamenepo tinayenda mphindi 15 pa sabata. Pa 11:15 anagona mphindi 320 pa 345, pa 11:00 anagona 335 pa 360, pa 10:45 anagona 345 pa 375, pa 10:30 anagona 355 pa 390, ndipo pa 10:15 anagona 365 pa 405. Onani kuti 10:30 yomwe inawagwetsa pa sabata yachinayi anaidutsa bwinobwino ataifikira pang'onopang'ono. Titayesa 10:00 anatsika kufika pa 83 peresenti, ndiye tinabwerera pa 10:15 n'kukhazikika pomwepo. Anafunsa za maola asanu ndi atatu amene amamva pa wailesi. Ndinawafunsa mmene akumvera masana, anati mutu wapepuka, sakusinza m'kalasi, ndipo sakukalipira ana pachabe. Kwa iwo, pa nthawi ino, maola asanu ndi limodzi ndi mphindi zochepa ndiwo akukwana, ndipo kuwathamangitsira asanu ndi atatu kukanangowabwezera kumene tinachoka.

Piritoni tinayamba kumuchotsa pa sabata yachisanu ndi chiwiri, theka la piritsi kwa sabata imodzi, kenako kusiyiratu. Anavutika pang'ono usiku uwiri basi. Pa mafunso a Morin aja anatsika kuchoka pa 21 kufika pa 6.

Amene sindingawayambitse chonchi

A Nambewe anali oyenerera chifukwa analibe matenda ena ndipo ntchito yawo siika moyo pa ngozi akasinza. Dalaivala wa minibasi, wa kabaza wa njinga yamoto kapena wogwira pa chigayo sindimudula maola atatu ndi theka tsiku limodzi. Ndimatsitsa pang'onopang'ono, mphindi 15 mpaka 30 pa sabata kuchokera pamene ali, kapena timadikira tchuthi. Wa khunyu ndi wa matenda osinthasintha maganizo aja sindimuchepetsera tulo. Agogo oyenda movutikira sindiwauza kuti azitsika pabedi mumdima, kuopa kugwa. Amangodzuka n'kukhala tsonga nyali itayaka. Ndipo munthu wa nkonono waukulu, wobanika kutulo, amene amagona msanga koma n'kudzuka wotopa, vuto lake ndi lina, ndipo kumuchepetsera nthawi ya pabedi kungomuwonjezera tulo ta masana.

Patatha miyezi itatu

Anabweranso mu Novembala. Mwezi wapitawo apongozi awo anamwalira kumudzi, ndipo anachezera pa maliro usiku uwiri ndi amayi anzawo, kuimba mpaka mbandakucha. Atabwerako anagona masana onse a tsiku loyamba, ndipo usiku utatu wotsatira anavutika. Ndinawafunsa chimene anachita. Anati usiku wachitatu anatulutsa kope lija, anabwerera pa 11:15 kwa sabata imodzi, anaikanso juzi ndi nyali pa mpando wa pabalaza, ndipo 5:00 ankatsika pabedi ngakhale thupi likukana. Kenako anakwera mphindi 15 pa masiku angapo alionse mpaka kufika pa 10:15.

Kabuku ka masabata awiri omaliza kanaonetsa 89 ndi 91 peresenti. Pa masiku 14 panali usiku uwiri umene anatsika pabedi kamodzi, ndipo anati sanaope. Mabuku a ana akuchongerabe patebulo, foni ikugonabe pabalaza, ndipo piritoni sanamwenso. Tinagwirizana kuti abwerenso pokhapokha vuto litapitirira masabata awiri iwo atayesa kale okha, ndipo ndinatseka fayilo yawo.